Mayi Deliwe Anaona Kiyi Akupotokoledwa

Mayi Deliwe Kanyoza ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Amuna awo anamwalira kale, ana anayi analera okha. Amakhala kuseri kwa msika wa Thambani. Ntchito yawo ndi geni: manachesi nyengo yozizira, mtedza manachesi akatha. Amagula m'midzi, amakagulitsa ku Mwanza boma. Sukulu analekezera sitandade faivi. Bondo lakumanzere linawavuta kuyambira ali mtsikana.

Bondo limenelo ndi lomwe linkawakhazika kutsogolo. Pa mapikapu a matola oyenda pakati pa Thambani ndi boma, mpando wa pambali pa dalaivala unali wawo. Zaka makumi awiri palibe amene ankalimbirana nawo. Matumba awo khumi ankakwera kumbuyo, iwo kutsogolo, mwendo atautambasula.

Madalaivala a msewu umenewu anali ndi chizolowezi. Akafika pamwamba pa mtsetse wautali wotsikira ku kamlatho, ankachotsa giya n'kuzimitsa injini kuti asunge mafuta. Galimoto inkatsika yokha, zii, kumangomveka matayala pa miyala. Aliyense wokwera ankadziwa. Mayi Deliwe ankadziwa kuposa onse, poti dzanja la dalaivala ankaliona pafupi. Ankang'ung'udza, dalaivala n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanatsikepo chifukwa cha zimenezo. Izi amazinena okha, sabisa.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni 2016 anakwera pikapu yoyendetsa Laston. Laston anali wa zaka makumi atatu, wa pamudzi woyandikana nawo, ali ndi mkazi ndi ana awiri. Mayi Deliwe anamuona akukula. Kumbuyo kunali anthu asanu ndi anayi pamwamba pa katundu. Mmodzi anali Liness, mnzawo wa geni, mayi wa ana atatu.

Pamwamba pa mtsetse, Laston anachotsa giya, n'kupotokola kiyi.

"Iwe, lero tadzaza. Yatsa," anatero Mayi Deliwe.

"Mayi, mafuta sathyola mu mtengo ngati manachesi anu," anayankha Laston.

Anaponda buleki koyamba, inagwira. Kachiwiri, inagwira pang'ono. Kachitatu, chopondera chinauma gwa ngati mwala. Mabuleki a galimoto zimenezi amathandizidwa ndi injini. Ikazima, mphamvu yotsala ndi ya maulendo awiri kapena atatu basi. Laston anathamangira kiyi, injini osalira. Pa kona ya kamlatho pikapu inagwa chammbali. Liness anaponyedwa pa mwala, matumba n'kumugwera. Anafera pomwepo. Ena anayi anavulala. Mayi Deliwe anathyoka mkono.

Laston anathawa anthu asanasonkhane, kuopa kumenyedwa, n'kukadzipereka ku polisi tsiku lomwelo. Apolisi a pamsewu anabwera ndi tepi, anayeza malo, anajambula mapu a ngozi. Thupi linapimidwa ku chipatala. Galimoto inakokedwa kuti katswiri wa boma woyeza magalimoto akaione. Wapolisi wina anafika pa bedi la Mayi Deliwe ndi pepala. Anafunsa, iwo anayankha, anadinda chala poti mkono wolembera unali m'chikhakha. Nthawi imeneyo n'kuti munthu asanabwere kudzawauza zoti anene.

Mwini galimoto anachita zamwambo. Anagula bokosi, anatumiza ufa ndi mbuzi pa maliro, anakhala pansi ndi akuchimuna ndi akuchikazi kupepesa. A Yakobe, mwamuna wa malemu Liness, analandira. Sabata itatha anapita ku polisi ndi amalume a malemu.

"Ife tagwirizana pachibale. Nkhani tikuichotsa," anatero a Yakobe.

Wapolisi woimira boma pa milandu, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu, anawauza kuti zimenezo sizili m'manja mwawo. "Bambo, chipepeso n'chabwino, khoti likhoza kuchiganizira popereka chilango. Koma pafa munthu pamsewu. Mlanduwu si wanu, ndi wa boma."

Apolisi anamutsegulira Laston mlandu wophetsa munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala. Ku khoti la majisitireti anaukana. Anatuluka pa belo. Mawu ake anali akuti mbuzi inadumpha msewu, iye anaponda buleki, mabuleki anakana okha. Ngozi, basi, zofuna Mulungu.

Apa ndiye panagona nkhani. Si ngozi iliyonse yomwe ili mlandu. Chitsulo chikathyoka mwadzidzidzi pa galimoto yosamalidwa, dalaivala akhoza kutuluka osalakwa ngakhale munthu wafa. Koma dalaivala akachita dala chinthu chomwe akudziwa kuti chikuika miyoyo pachiswe, lamulo limamugwira. Boma linkayenera kutsimikizira khoti chimene Laston anachita pamwamba pa mtsetse paja. Okwera kumbuyo atatu amene apolisi anawafunsa anati sakumbukira. Mmodzi anati sanamve kanthu chifukwa cha phokoso. Yemwe anaona kiyi anali mmodzi.

Samani yoitanira Mayi Deliwe ku khoti itafika, a Kinsley, tcheyamani wa madalaivala a pa siteji ya Thambani, anabwera kunyumba kwa Mayi Deliwe masana. Anawapeza akusenda mtedza ndi dzanja limodzi. Anawatulira shuga.

"Mayi athu, mkono ukupeza bwanji?"

"Ukumva. Nenani chomwe mwabwerera, a Tcheya."

"Ndi zochepa. Sitikuti muname ayi. Mungoti munasinza pang'ono. Munthu wamkulu, ulendo wam'mawa."

"Pa mabampu amene aja? Zaka twente munandionapo nditatsinzina?"

"Liness anapita, mayi. Laston akalowa ndende, adzuka? Ana awiri aja adya chiyani?"

"Atatu a Liness akudya chiyani?"

"Amuna ake omwe anakhululuka. Inu ndi ndani?"

"Ine ndi amene ndinakhala kutsogolo."

A Kinsley anaimirira n'kusasa thalauza. "Ganizani bwino. Galimoto pa siteji paja zilipo zisanu. Zonse ndi za anyamata anga. Manachesi sayenda okha kupita ku boma."

"Shuga wanu mwaiwala," anatero Mayi Deliwe, n'kumukankha ndi phazi la bondo lodwala lija.

Si a Kinsley okha anabwera. Amayi ake a Laston anabwera akulira. Anzawo a mvano anabwera ndi mavesi a chikhululukiro. Mwana wawo woyamba anaimba foni kuchokera ku Blantyre kuti amayi musadzitengere adani pa ukalamba. Onse ankawayankha chimodzimodzi: kukhululuka ndakhululuka, kusinza sindinasinze.

Tsiku la mlandu anapita pa njinga ya kabaza, poti pikapu yam'mawa inawadutsa pa siteji ngati chitsa. Katswiri woyeza magalimoto anayamba kupereka umboni. Anati mabuleki anawayesa injini ikulira, ndipo analibe vuto: mafuta ake anali okwana, paipi yoboola panalibe. Anati injini ikazima, chopondera chimauma. Koma ngati inali yozima tsiku lija, iye sakanatha kunena, sanalipo.

Kenako anaitana Mayi Deliwe. Analumbira, anafotokoza mwachidule. Laston analibe loya, choncho majisitireti anamuuza kuti ali ndi ufulu wofunsa mboni yekha. Anaimirira atavala shati yoyera yobwereka.

"Mayi, inu mumatha kuyendetsa galimoto?"

"Sinditha."

"Ndiye mungadziwe bwanji kuti injini ndinazimitsa?"

"Chigayo sinditha kuyendetsa, koma chikazima ndimadziwa."

Anthu anaseka. Majisitireti anawaletsa.

"Mbuzi simunaione?"

"Mbuzi ndinaiona pa maliro. Inali yophika."

Apa majisitireti anachenjeza Mayi Deliwe kuti aziyankha funso lokha. Anapepesa, n'kuyankha: pamsewu panalibe mbuzi.

 Kenako Laston anafunsa motsitsa mawu. "Kodi ndi ine ndekha ndimazimitsa pa mtsetse paja?"

"Ayi, mwana wanga. Nonse mumazimitsa. Ndipo ife timakwera, tili chete. Ineyo ndakwera zaka twente. Koma tsiku lija ndinakuuza kuti yatsa, tadzaza. Unandiyankha za manachesi. Ukukumbuka?"

Laston sanafunsenso. Anakhala pansi. A Kinsley, omwe anali pa benchi yakumbuyo, anatuluka.

Chigamulo chinabwera patatha milungu itatu. Majisitireti anati umboni wa katswiri ndi wa Mayi Deliwe ukugwirizana. Anati dalaivala wa laisensi amene wazimitsa injini pa mtsetse, atasenza anthu ndi katundu, atachenjezedwa n'kuseka, sanangolakwitsa, wanyalanyaza dala miyoyo ya anthu. Anati zoti anzake amachitanso zomwezo si chodzitetezera. Anamupeza wolakwa. Podandaula, Laston anati n'koyamba kupalamula, ali ndi ana aang'ono, anadzipereka yekha ku polisi, ndipo banja la malemu linapepesedwa. Khoti linati zonsezo laziganizira. Linamupatsa chaka ndi theka kundende, n'kuimitsa laisensi yake.

Panja, amayi ake a Laston analavula malovu pafupi ndi mapazi a Mayi Deliwe. A Yakobe anadutsa osawapatsa moni. Mayi Deliwe anafuna kabaza, anabwerera kwawo.

A Kinsley anasunga mawu awo. Lachiwiri lotsatira Mayi Deliwe anaika matumba pa siteji kuyambira m'mawa. Galimoto zinayi zinadzaza n'kunyamuka. Iliyonse inkati malo atha. Manachesi anayamba kufewa pa dzuwa. Masana anawagulitsa motchipa pa msika wa Thambani pomwepo, otsala anapatsa mbuzi. Lachisanu anabweranso, n'kukhala pa thumba pakati pa siteji kuti aliyense awaone. Zinachitika chimodzimodzi. Anzawo a geni anawalangiza kuti akagwade kwa a Tcheya, atenge nkhuku.

"Ndikapepese kuti ndinali maso?" anafunsa.

Sanapite. Anasiya matumba, anagula madengu awiri. Chaka chimenecho anayenda pa njinga yakapalasa, kutsika pa zitunda n'kumatsimphina pambuyo pake. Njinga zamoto zitachuluka, anapeza yowanyamula. Mayi Deliwe anauza wa njingayo tsiku loyamba kuti akadzazimitsa injini pa mtsetse, iwo atsika, ndipo khoti akulidziwa pomwe lili. Amawatcha a Mboni. Dzinalo linafala msika wonse, ena monyoza. Iwo amavomera akaitanidwa.

Laston anatuluka. Sanabwererenso pa chiwongolero, amakonza matayala pafupi ndi msika. Akakumana ndi Mayi Deliwe amapatsana moni, osapitirira apo. A Yakobe anakwatiranso. Pa mtsetse paja madalaivala ena amatsika injini ikulira, ena amazimitsabe. Pikapu za pa siteji ya Thambani sizinawanyamulenso mpaka lero. Mayi Deliwe amapita ku boma Lachiwiri ndi Lachisanu, pa njinga yamoto, ndi madengu awiri.