Atelala ndi malaya asanu

Malemu achimwene athu, Atelala, sukulu anangoinunkhiza, chizungu sankachimva. Koma mdzukulu wawo, yemwe ankamutcha Kabatani, akabwera ndi homuweki, ankayimitsa makina ngakhale kasitomala ali chiimire ndi mapini m'khwapa.

Chaka china Kabatani analowa kalasi imene zonse amaphunzitsa m'chizungu, masamu omwe. Aphunzitsi anati mwanayu sakumva, akapanda kusintha amubweza kalasi ya m'mbuyo. Atelala anaganiza zomuthandiza.

Nzeru yawo inali iyi: mwana awerenge funso, alimasulire m'chathu, iwo ayankhe, iye alembe m'chizungu. Akadodoma, ankamubwerezetsa mpaka nkhani imveke. Vuto linali loti Atelala anthu a m'buku ankawatenga ngati makasitomala enieni.

Tsiku lina funso linati munthu ali ndi nsalu mamita khumi ndi awiri, malaya amodzi amadya mamita awiri, asoka malaya angati? Kabatani anati asanu ndi amodzi. Atelala anafunsa ngati bamboyo ndi wonenepa. Buku silinanene. Nanga nsaluyo yachapidwa kale? Silinanenenso.

"Lemba asanu. Nsalu ikalawa madzi imafupika. Wolemba bukuyu sanagwirepo sizasi."

Mawa lake kope linabwera ndi mtanda wofiira. Atelala anakoloweka tepi m'khosi, ulendo kusukulu.

Tsono kumeneko kunali lamulo loti ukalowa pageti, chizungu chokhachokha. Aphunzitsiwo ankayankhula chathu bwinobwino, Atelala anawasokerapo ndi thalauza lomwe, koma ahedi anali pakhomo la ofesi, makutu ali tcheru. Basi Kabatani anaima pakati, kutanthauzira akuluakulu awiri omvana.

Atelala anati munthu wa m'bukuyo ndi wabodza, mwana anapereka m'chizungu. Aphunzitsi anati munthuyo kulibe n'komwe. Atelala anati ndiye malaya onsewo akusokera ndani? Mkangano unakula mpaka Atelala anayamba kuwayeza aphunzitsi pamimba, kenako ahedi omwe, Kabatani akutchula manambala m'ziyankhulo zonse ziwiri. Pamene agogo ake anati mimba ya ahedi payokha ndi mita ndi theka, mwana anauza ahediwo kuti agogo akuti mukuoneka athanzi.

Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira tebulo, lamulo n'kuliiwala.

"Madala, mwana womva mpaka kudziwa chobisa ndimubweze bwanji? Koma yankho ndi asanu ndi amodzi."

Kabatani sanabwezedwe. Mtanda uja sunafufutidwe, Atelala nawo sanagonje.

Atisiya mwezi wathawu. Pokonza m'shopu tinapeza m'munsi mwa kabati malaya asanu a nsalu imodzi, opindidwa bwino, osavalidwapo. Pamwamba pake panali achisanu ndi chimodzi, opanda kolala, a dzanja limodzi, atawabaya ndi pini kapepala kolembedwa m'chizungu ndi Kabatani. Watiwerengera akulira uku akuseka: akuti aphunzitsi ayese kuvala.