Kambale ka mayi

Lero mvula itakhudza dothi, fungo lake landikumbutsa dongo la ku Jenala, ndipo mtima wandipsa ngati zachitika dzulo.

Mayi anali woumba mbiya. Mlongo wanga wakhanda atamwalira, mbiya zawo zinayamba kusweka pamoto, ndipo anasiyiratu kuumba. Ankangokhala pakhonde, n'kumati manja awo anafa.

Mayi aang'ono sanawapatse uphungu. Anangowaikira dongo lodzaza dzanja limodzi pamwendo. "Achemwali, mtsuko ayi. Umbani kambale basi."

Mayi anaumba, ndipo kambaleko kanatuluka kopindika mlomo. Titakaotcha n'kuzizira, mayi aang'ono anakagogoda ndi chala, ndipo kanalira ngwee, kopanda mng'alu. Analuluta mpaka nkhuku kubalalika.

Bambo anaseka. "Nthungululu zonsezi za mbale ya mphaka?"

Munthu sanaumbepo ngakhale chivundikiro! Ndinatola chibuluma choti ndiwagende nacho.

"Taya icho, iwe," anatero mayi aang'ono. "Inu alamu, lero nandolo mudyera momwemu, apo ayi mukadye kwanu."

Mayi ankangokatembenuza kambaleko m'manja, mwaye uli bii. Kenako anandiyang'ana.

"Kanditapire dongo lina. Lisachuluke, la kamphika chabe."