Njinga Yofiira, Amalume Otuwa

Chaka chimene ndinagula njinga yamoto ya kabaza ku Balaka, ndinkayenda ngati msewu wonse ndinaulambula ndekha. Inali yofiira psuu, ndipo inkasamba kawirikawiri kuposa mwini wake.

Mwezi womwewo kunabwera amalume anga a ku Ngokwe. Ndiwo anali nkhoswe yanga, ndipo Loweruka lotsatira amayenera kukandilankhulira ku Mposa, kwa makolo a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Popanda iwo, kuchikaziko sakanandipatsa ngakhale mpando. Asananyamuke kubwerera kwawo ndinawaimika pambali pa njinga, ali mu mkanjo ndi kofiya, n'kuwajambula.

Pa foni ndinali ndi kapulogalamu kosiya mtundu umodzi pa chithunzi, zina zonse n'kutuwa. Ndinagunda thanki ndi chala. Njinga inatsala yofiira, koma mpanda, mtengo wa mango ndi amalume, zonse mbuu. Kapulogalamuko sikadziwa kuti iyi ndi njinga, kamangosunga chilichonse chofiirira, choncho ulusi wa pa kofiya unatsala, ndi timadontho m'masaya mwawo. Ine katswiri ndinakulitsa chithunzicho n'kufufuta zonsezo mosamala, mpaka amalume anatuwa bwinobwino. Ndinachiika pa sitetasi osalemba kanthu.

Sindinaganize n'komwe kuti kwathu munthu akatuwa pa sitetasi, anthu amafunsa kuti mwambo wa maliro uli liti. Ndili pa siteji kudikira okwera, akazi a amalume anandiimbira foni akulira. Ndinafotokoza, koma nkhani inali itathamanga kale kuposa njinga yanga. Amalume eni akewo anali mu minibasi, foni itatha moto, ndipo poti Asilamu sachedwetsa maliro, ena anali atayamba kufunafuna makasu. Amalume anafika kwawo n'kupeza anthu pakhonde.

Madzulo anandiimbira.

"Iwe, ndamva kuti ndafa."

"Iyayi amalume, ndi sitayilo chabe. Ndimafuna njinga ioneke."

"Yaoneka. Loweruka uitume yomweyo ikakulankhulire."

Anadula. Ndinachita mantha, sindinama. Mawa lake ndinapita ku Ngokwe, njinga n'kuibisa kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinagwada n'kupepesa. Ndinawaonetsa chithunzi choyambirira, mitundu yonse ilipo. Anachiyang'ana, n'kundifunsa mtengo wa feteleza ku Balaka.

Loweruka ndinaima pa msewu ku Mposa, malaya atanyowa ndi thukuta, ndikukonza bodza lokauza apongozi. Kenaka kabaza wina anaima. Anatsika amalume, dzuwa likuswa mtengo, pamwamba pa mkanjo atavala jekete lobwereka, lofiira kuposa thanki yanga.

Ndinathamanga kukawalandira chikwama. Anandikaniza.

"Tulutsa foni ija," anatero. "Jambula. Mwina lero indiona."