Tsiku limene mlamu wanga anakana kupita kwawo

Kapikapu kanga ndinakagula kali kokalamba kale. Amene anandigulitsa anati kanayendako ku Joni, ndipo sindinatsutse, chifukwa kankaoneka ngati kanabwerako wapansi. Ntchito yake inali kunyamula mbatata ya kachewere ndi manachesi kuchoka kumapiri kuno kupita nazo kumsika. Zitseko zake zinkatsekedwa ndi pemphero, koma injini inali yabwino. Kuno ku Neno kulibe mndandanda wa magalimoto woti n'kukuimitsa. Ukaona magalimoto atatu atatsatana, dziwa kuti kuli ukwati kapena maliro. Choncho ine ndinali ndisanayendetsepo galimoto pa liwiro la munthu woimba nyimbo, mpaka pamene mlamu wanga anamwalira.

Anali mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Awiriwa ankakhala pa Boma, ali ndi kagolosale. Anadwala nthawi yaitali, ndipo mlongo wanga anagona pansi m'chipatala mpaka nthiti zake zinadindika pasimenti. Izi n'zoona, mukapita mukaziona. Atamwalira, akwawo anati akaikidwe kumudzi kwawo, cha ku Matandani. Galimoto yonyamula bokosi inali yanga, chifukwa pa maliro galimoto ya mlamu siipempha, amangokuuza nthawi.

Amene ankatsogolera zonse anali achemwali ake aakulu a malemuyo. Ine ndinkawaitana kuti alamu. Mayi amenewa sanamukondepo mlongo wanga. Ankati anamusandutsa mchimwene wawo munthu wa pa Boma, wosabwera kumudzi ngakhale nthawi yokolola.

Tinanyamuka kumochale m'mawa, tonse titatopa ndi kuchezera. Amayi a mvano anatsogola akuimba, ine pambuyo pawo pa giya yoyamba, mpaka titatuluka m'tauni. Mlongo wanga ankayenda pambali, dzanja lili pa galimoto. Apo ndi pamene ndinaona kamuvi ka kutentha kakukwera. Kamuvi kameneka kanali kasanasunthepo pakati chigulire galimoto, moti ndinkaganiza kuti anachita kukajambula. Kanadutsa pakati, kakulunjika kofiira. Pambali panga panakhala mkulu wa mpingo wa kumudzi kwa malemu, bambo wodekha. Anandiona ndikuyang'anitsitsa.

“Kodi kwagwanji, bambo?”

“Palibe. Yatentha pang'ono.”

Mawu amenewo ndikanawameza. Titaima kuti anthu akwere, mkulu wa mpingoyo anawafikitsa kwa alamu aja, mwaulemu ndithu, ngati nkhani yongocheza.

Alamu anakwera kumbuyo pafupi ndi bokosi, ndi abale awo. Anamuuza mlongo wanga kuti malo atha, akakwere lole ya amayi imene inkatitsatira. Iye anapita. Titayamba kuthamanga pamsewu, kamuvi kanatsika kokha n'kubwerera pamalo pake. Ndinapuma. Ndinadziuza kuti mwina galimotonso inali ndi chisoni.

Pa mphambano yolowera kumudzi tinapeza anthu akutidikira. Sindinawawerenge, koma mbalame zinasowa pouluka. Mwambo wake ndi womwewo: onse atsike, nyimbo iyambe, galimoto iyende pakati pa anthu. Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba ya maliro ndi mtunda wabwino, wokwera pang'ono. Mlongo wanga anatsika mu lole, nabwera kudzaikanso dzanja lake pa galimoto.

Kamuvi kanayambanso ulendo wake. Ndinatsegula hita mpaka kumapeto, chifukwa imachotsako kutentha kwa injini n'kukubweretsa kwa inu. Mkulu wa mpingo, amene anatsala pambali panga, anali mu jekete yakuda. Anatuluka thukuta lokwana kuthirira dimba, koma sanadandaule, anangofunsa ngati ndamva kuzizira. Hita inathandiza pang'ono chabe. Kutsogolo amayi anali pa ndime yachiwiri ya nyimbo imene ili ndi ndime zambiri kuposa masiku a mvula, ndipo munthu sungaimbire hutala amayi a mvano kuti afulumire. Kamuvi katagunda pofiira, ndinazimitsa injini. Pansi pa boneti pankamveka kubwata ngati mphika wa nyemba.

Nyimbo inafa pang'onopang'ono, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo.

Alamu anabwera pawindo. “Bwanji, alamu?”

“Yatentha. Tidikire pang'ono.”

“Pa Boma paja inatenthanso, eti?”

“Inatentha.”

“Nanga pamsewu?”

“Pamsewu ayi.”

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'khola la wina. Anatembenukira kwa anthu, osakweza mawu, chifukwa mayi amenewa sankafunika kukweza. “Mwamva nokha. Pa Boma mayiyu anali pambali, galimoto inatentha. Pamsewu anali mu lole, inayenda bwino. Wabweranso, yaima. Mchimwene wanga akukana kupita. Ali ndi mawu ndi mkazi wake.”

Kunena zoona, umboni wawo unali wolongosoka. Ndakhalapo pa milandu imene munthu analipa nkhuku pa umboni wochepera pamenepo. Kwathu kuno aliyense anamvapo za maliro okana kuyenda, ndipo mankhwala ake amadziwika: amene malemu ali naye chifukwa agwade pa bokosi, apepese, ulendo upitirire.

“Agwade,” anatero alamu. “Anene chimene anamuchita.”

Mlongo wanga anandiyang'ana. Maso ake anali ouma, misozi inali itatha kalekale. “Achimwene, ndingogwada. Ndatopa. Tikamuike munthuyu.”

Apa ndi pamene ndinachita mantha. Injini yozimitsidwa imazizira yokha, kaya wina wagwada kaya wavina. Akanagwada, patapita kanthawi galimoto ikanalira n'kuyenda, ndipo mudzi wonse ukanaona ndi maso kuti malemu wamva kupepesa. Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga akanakhala mkazi amene mwamuna wake anakana kuikidwa chifukwa cha iye. Ana ake akanakula nalo dzina limenelo.

“Usagwade,” ndinatero. “Khala pamwala apo.”

Anyamata ena anati angonyamula bokosi pamapewa. Ndinakananso, chifukwa nkhani ikanatsala pamsewu pomwepo ili yamoyo. Ndinapempha mkulu wa mpingo kuti andipatse nyimbo imodzi yokha. Iwo anayang'ana kumwamba, kenaka anauza amayi kuti ayambe ina yaitali.

Ndinatsegula boneti. Nthawi yomweyo amuna onse a m'mudzimo anasanduka amakaniko. Wina anatambasula dzanja kuti atsegule chitsekerero cha rediyeta, ndinamumenya padzanja. Madzi a mmenemo akakhala otentha chonchi amatumpha n'kusenda nkhope, ndipo maliro amodzi anali okwanira. Ndinayang'ana pansi, sipankadontha kanthu. Mapaipi anali osaphulika. Kabotolo ka madzi ka pambali kanali kodzaza mpaka kukamwa. Madzi analipo.

Ndinatembenuza kiyi osaliza injini, n'kubwerera kutsogolo. Fani ya galimoto yanga ndi yamagetsi, ili kuseri kwa rediyeta, ndipo injini ikatentha chonchi imayenera kuzungulira yokha. Inali chiimire, ngati mlonda wogona. Apo zonse zinagwirizana. Pamsewu, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa madzi, fani kaya ilipo kaya palibe. Ukamayenda ngati kamba mphepo imeneyo kulibe, ndiye fani iyenera kuikoka. Sindikudziwa kuti yanga inasiya liti ntchito. Mwina inali itapuma kuyambira nthawi ya manachesi, ine osadziwa, chifukwa sindinkaipatsa chochita.

Ndinaitana alamu. “Tabwerani muone. Ichi chimayenera kuzungulira.”

“Ndiye wachigwira ndani?”

Ndinazimitsa kiyi, n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi. Fyuzi ya fani ndinaiyang'ana padzuwa, kawaya kake kanali kosaduka. Pambali pake pali timabokosi takuda totchedwa rileyi, timene timalumikiza magetsi chinthu chikafuna kuyaka. Ka fani ndi ka hutala m'galimoto yanga n'tofanana, miyendo ndi nambala zomwe. Hutala ndinkadziwa kuti ili moyo, chifukwa m'mawa womwewo ndinali nditaimbira mbuzi. Ndinazula ka hutala n'kukalowetsa pa malo a ka fani. Chikanakhala kuti yafa ndi mota ya fani yeniyeniyo, ndinalibenso nzeru ina, ndipo nyimbo inali kumapeto.

“Chotsani manja ndi zitenje,” ndinatero. “Abambo, tembenuzani kiyi kamodzi.”

Mkulu wa mpingo anatembenuza. Fani inalira. Mpaka lero ndimalumbira kuti inaulutsa duku la mayi wina amene anaima kutali ndithu, ndipo duku limenelo linakapezeka ku Chifunga. Amene akukayika akafunse kumeneko.

Tinadikira kuti kubwata kuleke. Ndinaliza injini, kamuvi kanatsika ine ndikuona. Ndinapempha mkulu wa mpingo kuti andikhululukire, atsike ayende ndi anzawo. Iwo anatsika mokondwa, jekete ikudontha. Ndinatsegulira mlongo wanga chitseko.

“Kwera kutsogolo kuno.”

“Achimwene, anthu anena.”

“Anena kale. Kwera.”

Ndinauza amayi kuti asafulumire, aimbe ndime zonse, ngakhale zimene amadumpha Lamulungu. Tinakwera mtunda uja pa liwiro la nkhono, mlongo wanga ali m'galimoto momwemo, bokosi la mwamuna wake lili kuseri kwa galasi. Fani inkayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Kamuvi sikanachoke pakati. Alamu ankayenda pafupi ndi windo langa njira yonse, akusuzumira. Sindikudziwa ngati ankadziwa kuti kamuvi koyenera kuyang'ana ndi kati, chifukwa ka mafuta kanali pansi penipeni, monga mwa masiku onse.

Tinamuika mlamu wanga masana. Pobalalika, alamu anandipeza ndikuyang'ana madzi m'galimoto, injini itazizira.

“Mchimwene wanga anali munthu wofatsa,” anatero. “Wangokhululuka yekha.”

“Wakhululukira fani, alamu.”

Sanaseke. Koma mawu oti agwade sanawabwerezenso, tsiku limenelo ngakhale pa mwambo wosudzula mlongo wanga. Kumudziko alipo ena amene amanenabe kuti maliro aja anaima panjira. Akafika pamenepo, wina amawakumbutsa kuti mkaziyo anakwera kutsogolo ndipo galimoto inakafika, ndiye nkhani imathera pa duku.

Pobwerera ku Boma mlongo wanga anagona, mutu uli pawindo. Aka kanali koyamba kumuona ali m'tulo chiyambire matenda aja. Pa kona ina tinapeza ng'ombe zitadzaza msewu. Ndinadina hutala, osamveka kanthu, chifukwa rileyi yake inali pa ntchito ina. Ndikanatha kutsegula windo n'kukuwa, koma akanadzuka. Ndinangotsatira ng'ombezo pambuyo pang'onopang'ono, fani ikulira, mpaka zitapatuka zokha.