Belu Litalira, Anafunsa Mlamu

Ku shopu ya akalipentala kunali bambo ena amene aliyense ankawatchula kuti aJaji. Kwa zaka makumi awiri, belu lobwerera kuntchito masana likalira masewera a tchesi asanathe, iwo ndi amene ankayang'ana bolodi n'kugamula wopambana. Mawu awo sankabwezedwa.

Kenako panabwera mlamu wawo, wopaka vanishi, amene anamuphunzitsa okha kuyendetsa hatchi pabolodi la tchesi.

Tsiku lina belu linapeza masewera ali pakati. AJaji anasuzumira n'kunena kuti, "Zoyera zapambana. Zili ndi msilikali mmodzi woposa."

"Nanga alamu anu akuti bwanji?" wina anafunsa.

Mlamuyo anapukuta manja. "Pepani alamu, msilikaliyo ngwachabe. Awiriwa atsogozana pamzere umodzi, sangatetezane. Bishopi woyerayu watsekeredwa ndi asilikali ake omwe, nsanja ikugonabe pakona, pomwe nsanja zakuda zonse zakhala pamzere wotseguka. Nanga mfumu yoyerayi? Asilikali a kutsogolo kwake anapita kale, yatsala pambalambanda. Ine ndingasankhe zakuda."

Anthu anawomba m'manja. AJaji mtima unachita kuwawa ngati wathiridwa sipiliti, pakuti anaona kuti n'zoona. Chowawa kwambiri n'chakuti mawu onsewo anali awo, amene anamuphunzitsa okha pakhonde kunyumba.

"Ameneyutu ndinamuphunzitsa ndine!" anatero mokweza, koma makina anali atayamba kale phokoso.

Madzulo onse anapala thabwa losalala kale mpaka linapyapyala. Mawa lake anakhala pafupi penipeni ndi bolodi, magalasi ali pamphuno. Belu litalira, mitu yonse inatembenukira kumene kunkachokera fungo la vanishi.