Kachitsekero Kamodzi M'chiyani?

Alamu anga anagwira pulogalamu ya zaumoyo pa wayilesi yathu ya m'dera kwa zaka khumi ndi chimodzi, mphindi khumi ndi zisanu Lachinayi lililonse masana. Ine ndine wa pa makina: ndimakweza ndi kutsitsa mawu kuseri kwa galasi. Iwo ndi mkazi wa malemu mkulu wanga, ndiye pantchito timatchulana ulamu ngati kunyumba. Sukulu anailekera fomu 2. Asanabwere kwathu anakolopa wodi ya ana ku chipatala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amati zimene anaona m'mabeseni akumeneko zinawakwanira kukhala satifiketi.

Kalembedwe kawo kanali kotopetsa, ndisaname. Mabungwe amatitumizira masilaidi, zithunzi zija amaonetsa pakhoma pa misonkhano, ife n'kuwasindikiza papepala. Alamu amayala mapepalawo patebulo la m'khonde, n'kuphimba chithunzi ndi dzanja, kenako n'kuwerenga mawu otsalawo mokweza. "Alamu, mwamva chiyani?" amandifunsa. Ndikati palibe, amati, "Ndiyetu womvera naye sanamve kanthu. Wayilesi ilibe maso." Akatero amalemba m'kope ndi pensulo, mzere umodzi kufufuta kasanu.

Mvula itayamba chaka chatha, ana ambiri anatsegula m'mimba, ndipo bungwe lina linatitumizira masilaidi khumi ndi awiri a madzi akumwa a panyumba. Silaidi yachisanu ndi chiwiri inali ya mankhwala a kolorini, amadzimadzi aja a m'kabotolo. Mawu ake anali awiri okha: thirani kachitsekero kamodzi, dikirani mphindi makumi atatu. Kukula kwa chotengera kunali pa chithunzi basi, chigubu chojambulidwa cholembedwa malita 20 pamimba. Pansi penipeni, m'timalemba tofuna magalasi, panali za madzi amatope.

Alamu anatha masiku atatu pa silaidi imeneyo. Analemba kuti kachitsekero n'ka botolo la mankhwalalo, osati ka botolo lililonse, ndipo kamodziko n'ka chigubu chachikulu cha malita makumi awiri chodzaza. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha, asefedwe pa nsalu yoyera, n'kuthira tiwiri. Ukathira ukhutchumule, udikire theka la ola. Silaidi ina inkaonetsa ndowa ya mpopi, imene m'dera mwathu ali nayo ndi anthu owerengeka. Iwo analemba kuti amene alibe avundikire ndowa yake, akhale ndi kapu imodzi ya chogwirira chachitali yotungira yokha, yopachika pa msomali, kuti zala zisalowe m'madzi.

Sikiripiti, zolemba zokawerengazo, siwulutsidwa asanasayine mkulu wa bungwelo. Ife tinkamutchula Cholembera Chofiira. Anabwera Lachitatu, galimoto osazimitsa n'komwe, n'kuwerenga ataimirira. Atafika tsamba lachitatu analijambula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Mayi, uthengawu anauvomereza ku likulu. Mawu a pa silaidi ndi omwewo, osawonjezera, osachotsa. Zanuzi zatalika."

"Bwana, kachitsekero kamodzi m'chiyani? Mu ndowa, mu tiyipoti?"

"Zili pa chithunzi."

"Chithunzicho ndichionetsa bwanji pa wayilesi?"

Foni ya mkuluyo inalira. Anasayina akuyankhula ndi munthu wina, n'kuwagwedezera dzanja alamu ngati akuthamangitsa ntchentche. Amanijala athu anangoti, "Amayi, wamkulu salakwa. Jenereta ija anatipatsa ndi iwowa."

Lachinayi nyali yofiira itayaka, alamu anawerenga tsamba loyamba ndi lachiwiri bwinobwino. Atafika lodulidwa lija anandiyang'ana pagalasi, n'kuliwerenga lonse pang'onopang'ono, za malita makumi awiri n'kuzibwereza kawiri. Dzanja langa linali pa batani. Sindinatsitse, ndipo ndicho chokha chimene ndinganyadire m'nkhani yonseyi.

Bungwe limalandira kope lojambulidwa la pulogalamu iliyonse. Lolemba kalata inali itafika kale, yonena kuti wowulutsa sakutsata uthenga wovomerezeka. Amanijala anawaitanira alamu mu ofesi n'kuwauza kuti ayambe apumako. Kupuma kwake n'komwe mukukudziwa. Anatenga kope lawo, pensulo ndi kapu yawo ya tiyi. Pakhomo anandiuza kuti, "Alamu, musakwiye, ana anu amadya pano." Ndinakwiya ndithu, koma mkwiyo wa m'thumba, wosatuluka.

M'malo mwawo anaika mnyamata wa dipuloma amene amawerenga nkhani za m'mawa, mawu osalala ngati mafuta. Si munthu woipa. Anatsegula masilaidi pa kompyuta, n'kukopera mawu onse mzere ndi mzere, ndipo m'theka la ola sikiripiti inali itatha. Zithunzi zinatsala momwemo, pamodzi ndi timalemba tating'ono tija. Cholembera Chofiira sanapezemo chodula. Ndinamuuza mnyamatayo kuti malita asowa. Anati, "Achimwene, mukufuna nane ndikapume?" Ndinajambula. Bungwe linalamula kuti uthengawo uzibwerezedwa katatu pa tsiku kwa mwezi wathunthu.

Kanyimbo kotsegulira pulogalamu sanakasinthe. Amanijala anati anthu anakazolowera, komanso kujambula kena n'chintchito. M'kanyimbomo muli mawu a alamu, opereka moni ndi kunena kuti zimene mumve pano n'zoona. Ndiye katatu pa tsiku ine ndimakaliza, kenako n'kulowetsa mnyamata uja: thirani kachitsekero kamodzi, dikirani mphindi makumi atatu.

Patatha milungu itatu ndinapita kwa alamu Lamulungu masana. Ndinawapeza akusita mayunifolomu a ana a anthu ena, ntchito imene ayamba tsopano. Tisanathe moni kunabwera mayi wogulitsa makala wa mumsewu womwewo, atanyamula kachigubu ka malita asanu. Sanaodire. Anakaika pa sitepe n'kutsegula, ndipo fungo la kolorini linandipeza pampando pomwe ndinakhala.

"Nunkhizani," anatero mayiyo. "Ndinathira kamodzi monga munanenera. Ana anakana, wamng'ono mpaka kulira. Ndinasiya, tinabwerera ku madzi a pachitsime osathira kanthu. Lero ndi tsiku lachinayi ali ku wodi, pa diripu."

Alamu anaimika simbi. Anafotokoza modekha kuti muyezo uja ndi wa chigubu chachikulu kanayi kuposa kakeko, ndipo ngati chilipo choterocho panyumba, apite limodzi akamuonetse. Anamufunsanso ngati mwanayo akumwa madzi a thanzi amene achipatala anamupatsa.

"Bwanji simunanene zimenezo pa wayilesi?"

"Ndinanena kamodzi, mayi. Pano sindine amene ndikuwerenga."

"Musandipusitse. Mawu anu ndimawadziwa. Mumayamba ndinu, kuti zimene timve n'zoona."

Apa m'pamene ndinayenera kutsegula pakamwa, kunena kuti kanyimboko amakaliza ndine, kuti mayi awa anawachotsa chifukwa cha malita omwewo. Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Alamu sanandiloze, ngakhale ndi diso. Anapinda yunifolomu, n'kutenga kabotolo kawo ka mankhwala pawindo, n'kuvala masilipasi. Mayiyo anakana kuti amutsatire. Anakhuthulira madziwo pansi patsogolo pa sitepe, n'kunena kuti pachitsime azimayi onse agwirizana kuti wayilesiyo ikayamba kanyimbo kaja azitseka.

Alamu anakhala pa sitepe, kabotolo kali m'manja. Kenako anati, "Alamu, chotsanimo mawu anga. Sindipemphanso china."

Lolemba ndinalowa kwa amanijala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti bungwe linavomereza pulogalamu pamodzi ndi kanyimbo kake, ndiye kusintha kukufunika siginecha. Cholembera Chofiira anali ku msonkhano mlungu wonse. Nthawi itakwana 12 koloko ndinakhala pa makina, n'kukweza mawu a alamu anga.