Loko wa pa Zithunzi za Shyreen

Albina amasoka zovala pakhonde la golosale ina ku Cassacatiza, pafupi ndi pomwe malole amaima kudikira mapepala olowera ku Zambia. Anabadwira kuothawa nkhondo tsidya linalo, anabwera kuno ali namwali, ndipo makina osokera amene bambo ake anawasenza pobwerera ndi omwewo akulira mpaka lero. Si munthu wa nkhani zambiri. Ukamupatsa chitenje amakuyeza m'chiuno, n'kukuuza kuti ubwere Lachisanu, basi. Lachisanu lake limafika Lolemba, koma zimenezo aliyense anazizolowera.

Mwana anali naye mmodzi, Shyreen, woluka tsitsi, wokonda kujambulidwa ngati kuti anamulodza. Ndiye amene anawatsegulira amayi ake akaunti ya Instagram kuti aziikapo madiresi, ngakhale Albina sanaikepo ngakhale batani. Shyreen ankawauza kuti adine pa mawu akuti Seguir, kuti azimutsatira. Albina anakana. Kholo sililowa kuchipinda kwa mwana wamkazi amene wakula, ndipo kwa iye zimenezi zinali chimodzimodzi. Koma tisanamizane, kusuzumira ankasuzumira. Makasitomala akasowa ankalemba dzina la mwanayo, zithunzi zonse n'kubwera, chifukwa nthawi imeneyo tsamba lake linali lotsegukira aliyense.

Shyreen anakhalapo pabanja ndi Hélder, dalaivala wa lole wa nsanje yoopsa. Banja litatha, bamboyo ankangotulukira paliponse pamene mkaziyo wapita. Albina anatopa nazo.

"Tseka zinthu zakozo," anamuuza tsiku lina. "Ukumuonetsa wekha njira."

Shyreen anamvera, kamodzi kokha pa moyo wake. Anasintha akaunti kukhala yachinsinsi. Miyezi ingapo pambuyo pake, njinga yamoto imene anakwera popita ku Mualadzi inagundana ndi galimoto. Foni yake inaphwanyikira pomwepo.

Albina sanalire monga anthu ankayembekezera. Anaika maliro, anavala zakuda, anabwerera pa makina. Ankadya chifukwa nthawi yakwana. Wina akamupepesa ankayankha kuti zikomo, n'kufunsa ngati akufuna zipi kumbuyo kapena m'mbali.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, a kumpingo anamukumbutsa za misa ya chikumbutso, kuti pafunika chithunzi choika kutsogolo. M'nyumba munali chimodzi chokha, cha tsiku la ukalistia woyamba, Shyreen ali kamtsikana kopanda mano akutsogolo. Apa m'pamene Albina anazindikira kuti nkhope ya mwana wake atakula yayamba kumuthawa. Ankakumbukira ndolo, ankakumbukira kaseko, koma pakati pake panali mbuu. Anachita mantha, ndipo aka kanali koyamba kumva kanthu chiikireni maliro.

Analemba dzina lija pafoni. Panabwera kachithunzi kozungulira, ka manja a Shyreen akuluka tsitsi la munthu, nkhope palibe. Pansi pake panali loko ndi mawu akuti Esta conta é privada, kutanthauza kuti akauntiyi ndi yachinsinsi. Anadina Seguir. Mawu anasintha, akuti pempho latumizidwa.

Anaitanitsa Célia, mnzake wa malemuyo amene ankaluka naye limodzi.

"Mama, pempholi woliyankha ndi mwini wake yekha," anatero Célia. "Palibenso wina."

"Nanga zakale zija? Zimene ndinkaziona ndi maso angawa asanatseke?"

"Nazonso zinatsekeka. Loko sasankha kuti ichi n'chakale, ichi n'chatsopano. Zilipo zonse, sizinafufutike ayi, koma akuziona ndi okhawo amene ankamutsatira kale."

"Ndiye undionetse iweyo."

Célia anayang'ana pansi. Foni yake yakale anamubera pamsika, nambala yachinsinsi anaiwala, ndipo akaunti imene ali nayo tsopano ndi yatsopano. Nayenso anali panja. Ngakhale maina a otsatirawo samaoneka kwa munthu wapanja, chimaoneka n'chiwerengero chokha. Koma mmodzi ankamudziwa.

"A Hélder ali m'kati."

"Si iyeyo amene tinkamutsekera?"

"Kutseka sikuthamangitsa amene analowa kale, mama. Kumangoletsa atsopano. Anafunika kuwachotsa yekha pamndandanda, kapena kuwabuloka. Ndikuganiza kuti sanadziwe. Inenso ndinadziwa mochedwa."

Albina anapitiriza kupalasa makina mpaka anamaliza mpendero wa siketi. Ndiye kuti mwana wake anatseka chitseko mdani ali m'nyumba, mayi ake ali pabwalo. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere.

Anadikira sabata yathunthu kuti lole ya Hélder ifike pamalire. Anamupeza pansi pa mtengo akudya chimanga chootcha, ataonda kuposa kale. Ataona apongozi ake anadzuka, navula chipewa, nasuntha kukaima patali monga mkamwini amachitira. Zoti banja linatha ndiponso kuti mkaziyo ali m'manda sizinasinthe ulemu umenewo.

"Ndikufuna chithunzi cha mwana wanga," anatero Albina, maso ali pa matayala a lole. "Akuti inu mumaona."

Hélder sanakane. Anatsegula foni, anaiika pabenchi, nabwerera kumalo kwake. Albina anaitola.

Zonse zinalimo. Shyreen pa ukwati wa msuweni wake, Shyreen atavala diresi lachikasu limene anakangana za kutalika kwake, Shyreen akuseka ndi mpata wake wa m'mano. Albina anayang'anitsitsa nkhopeyo mpaka foni inazima. Hélder anabwera chammbali, anaikapo chala, nabwereranso. Zinachitika choncho kangapo.

Pamwamba panali zithunzi zimene Albina anali asanazionepo, zoikidwa loko atalowa kale. Shyreen ankalemba momasuka, poganiza kuti wadzitchinga: lero ndili ku Chifunde, mawa ndikaluka mkwatibwi ku Mualadzi.

"Zimenezi munkaziwerenga?" anafunsa.

"Ndinkawerenga, amayi. Koma ndinasiya kumulondola. Ndinkangoona, osadina kalikonse, kuopa kuti angakumbukire zoti ndilimo n'kundichotsa."

Chithunzi chomaliza sichinali cha Shyreen. Chinali cha msana wa mayi wina atawerama pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi. Albina anazindikira duku lake asanadzizindikire yekha. Pansi pake panalembedwa kuti: "Bwana wanga. Amandisuzumira mobisa, amaganiza kuti sindidziwa. Tsopano ndatseka, tione ngati sagogoda."

Anawerenga kawiri. Kenako anasankha cha diresi lachikasu, Hélder anachijambula pafoni pomwepo n'kumutumizira. Anafunsa ngati atumizenso chomaliza chija. Albina anati ayi, cha misa n'chimodzi.

Anabwerera pakhonde paja. Panali mtsikana akudikira yunifolomu ya kusukulu, ndipo anamuuza kuti abwere Lachisanu. Mtsikanayo atapita, Albina anatulutsa foni, nalemba dzina la mwana wake. Loko anali pomwepo, pempho lili chitumizireni. Célia anali atamuuza kuti akadinaponso ndiye kuti walibweza, choncho anasuntha chala mosamala, naika foni m'kabokosi ka ulusi.

Mpaka lero, makasitomala akasowa, amaitulutsa kuti aone ngati amutsegulira.